Kuphunzitsa atsikana ntchito mu saluni: fizi ikhale ingati, nanga malipiro ayambe liti?

Mayi a Tadala, Rosettenville:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata ino, amene munadutsamo kale mundiunikireko. Saluni yanga ili ndi mipando inayi koma ogwira tilipo awiri okha, ine ndi mnzanga. Loweruka timachita kubweza anthu pakhomo. Tsono pali atsikana awiri akufuna kuphunzira ntchito. Wina ndi mwana wa achemwali anga, wa zaka 20, anabwera mu Januwale kuchokera ku Dedza ndipo akukhala kwanga. Winayo ndi mwana wa mayi wina wa kutchalitchi kwathu, wa zaka 19, wobadwira konkuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chizulu. Maganizo anga anali oti wakutchalitchiyu alipire R4,500 ya miyezi isanu ndi umodzi, wa achemwaliyu asalipire poti ndi mwana wanga, ndipo onse ndidzayambe kuwapatsa kenakake miyeziyo ikatha. Amuna anga akuti fiziyo yachepa, mnzangayu akuti yachuluka. Ndiyambire pati?

Bambo Phiri wometa, Yeoville:
Mayi, ine kumeta ndinaphunzira ku Ndirande, sindinalipire tambala ndipo sindinalandire tambala chaka chathunthu. Ndinkasesa, kutunga madzi, kutsuka mashini, abwana n'kumandigulira chipisi masana. Lero ndili ndi malo angaanga. Kwa ine fizi siyofunika. Mwana azigwira ntchito za pamalopo, imeneyo ndiye fizi yake. Akadziwa ntchito mudzaona nokha.

Anti Nachisale, Randburg:
Mayi a Tadala, zikomo pofunsa musanayambe, ambiri timafunsa zinthu zitavuta kale. Ine ndaphunzitsa atsikana oposa khumi kuno ku Joni, ndipo oyambirirawo ndinawalakwira chifukwa ndinkaganiza ngati momwe mukuganiziramu. Vuto la pulani yanu si R4,500. Vuto ndi loti mwawerenga miyezi m'malo moyang'ana manja a mwanayo. Pali mtsikana amene pakangotha masabata asanu amakhala akumalizitsa nsonga za makasitomala bwinobwino, ndiye kuti wayamba kukulowetserani ndalama. Ngati nthawi yomweyo akulipiranso fizi, ndiye kuti mukudya mbali ziwiri, ndipo iyeyo amaona, ngakhale sanena. Palinso wina amene miyezi isanu ndi umodzi imatha mzere wake ukadali wokhota ngati njira ya kudimba, ndiye mwamulonjeza kale malipiro. Ine lamulo langa ndi limodzi: tsiku limene dzanja lake lagwira mutu wa munthu wolipira, fizi yatha ndipo malipiro ayamba.

A Phiri, za ku Ndirande ndazimva, koma mutu wometa umatha mphindi makumi awiri ndipo tsitsi likalakwika limameranso pa sabata ziwiri. Kwathu kuno mwana akaononga, kasitomala amakhala ndi chipsera kapena dazi la pamphumi chaka chonse.

Mayi a Tadala, Rosettenville:
Anti, ndamva. Koma ndifotokozereni bwino, gawo lolipiritsalo mumaliyendetsa bwanji, ndipo ndalama yake mumaipeza bwanji?

Anti Nachisale, Randburg:
Gawo loyamba kwa ine ndi masabata asanu ndi atatu, masiku atatu pa sabata, Lolemba mpaka Lachitatu, kuyambira 9 koloko mpaka 1 koloko. Ndinasankha masiku amenewa dala chifukwa ndi pamene saluni imakhala zii, ndimatha kukhala naye pansi osathamangira kasitomala. Nthawi yonseyi sagwira mutu wa munthu wolipira, ndipo sindimutuma kukagula meshi ku tawuni kapena kukatenga ana kusukulu. Wabwera kudzaphunzira, aphunzire.

Fizi ndimaiwerenga chonchi. Choyamba ndi zipangizo zomwe zikhale zake: mutu wa chidole ndi choimikira chake, zipeso zitatu kuphatikizapo cha mchira chogawira tsitsi, zopanira tsitsi, sizasi, epuloni ndi mapaketi khumi a meshi yotchipa yophunzirira. Ulendo watha ndinagula zonsezi ku Dragon City ndipo zinakwana R700. Chachiwiri ndi nthawi yanga. Pa maola anayi aja, ola limodzi ndimakhala naye maso ndi maso, enawo amayeserera yekha ine n'kumasuzumira. Masiku 24 ndiye maola 24 anga. Ola langa pa tsiku lotanganidwa limalowetsa pafupifupi R100, koma Lachiwiri m'mawa silingafike pamenepo, choncho ndimangoika R1,100. Zonse pamodzi R1,800, ndipo ndimalandira katatu, R600 iliyonse, ndi lisiti. Akasiyira panjira, chidole ndi zipeso amatenga, ndi zake, ndipo ndalama yomwe sanafike polipira sindiitsatira.

Zimene amaphunzira zimayamba ndi ukhondo, chifukwa mwana amene sadziwa kutsuka chipeso adzakusamutsirani zipere kuchoka pa mutu wina kupita pa wina. Kenako kumasula tsitsi popanda kulidula, kulipesa kuyambira kunsonga kubwera kutsinde, kutsuka pa sinki madzi osalowa m'makutu, kuumitsa. Izi amayeserera pa ife eni ake ndi pa abale ake amene amabwera nawo, aulere. Sabata yachitatu ndi pamene timayamba kugawa tsitsi pa chidole, ndipo apa ndimakhalitsa, chifukwa kuluka konse kwagona pa kugawa. Ndimamuuza agawe mutu wonse timabokosi tofanana, amasule, agawenso, mpaka dzanja lizolowere. Atsikana amatopa napo pamenepa, amafuna kuthamangira notilesi poti ndi zomwe amaona pa foni, koma ndimakana.

Chisomo, Turffontein:
Pepani ndilowererepo, ine ndinali mbali inayo. Ndinafika kuno 2019 ndipo ndinalipira R3,000 pa saluni ina m'tawuni muno, kuti ndiphunzire miyezi itatu. Miyezi itatu inakhala isanu ndi iwiri. Mwezi woyamba wonse ndinkangochapa mataulo ndi kuphika nsima kuseri. Pofika mwezi wachitatu ndinkaluka mizere ndekha, kasitomala n'kulipira R150 ndikuona, ine osalandira ngakhale ya thiransipoti. Ndikafunsa ankati sunathe, ukadali mwana wasukulu. Chimene chinkandipweteka kwambiri si ndalama, koma kuti sindinkadziwa kuti kutha kwake n'kotani. Panalibe chondiuza kuti ukafika apa ndiye wakhoza. Tsiku lina ndinangotenga chikwama changa osabwereranso, ndipo mpaka lero amandinena kuti ndine wosayamika. Mayi a Tadala, chilichonse chimene mungasankhe, auzeni anawo poyambirira kuti mayeso ake ndi ati.

Anti Nachisale, Randburg:
Chisomo mwanawe, wanena zenizeni. Mayeso anga ndi awa, ndipo ndimamulembera pa pepala tsiku loyamba. Aluke mizere isanu ndi itatu yobwerera kumbuyo pa mutu wa munthu, osati chidole, isapitirire ola limodzi. Kenako aluke wani-wani makumi awiri a meshi, onse ofanana kunenepa kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Ndikatero ndimamuuza munthu wolukidwayo abwere pakatha masiku atatu. Pamenepo ndi pamene pamaoneka zoona. Ndimayang'ana m'mphepete mwa tsitsi, pamphumi ndi kuseri kwa makutu. Mukaona tiziphuphu ting'onoting'ono toyera patsinde pa tsitsi, kapena khungu lanyamuka ngati kahema, kapena munthuyo akuti usiku woyamba sanagone mpaka anamwa panado, ndiye kuti mwanayo amakoka kwambiri. Ameneyo sanakhoze ngakhale mizere ikongole bwanji, chifukwa kukoka kotero n'kumene kumathothola tsitsi la pamphumi, ndipo zikachitika kawirikawiri silimeranso. Mukaona kuti meshi yayamba kutsetsereka kuchoka patsinde, ndiye kuti sagwira mokwanira. Akalephera ndimamuonjezera masabata awiri popanda fizi ina. Akakhoza msanga, ngakhale sabata yachisanu ndi chimodzi, amadutsa pomwepo.

Mayi Gondwe, Cosmo City:
Moni nonse. Ndaona mukukamba za sukulu ya saluni, ndili ndi mng'ono wanga ali ku Mzuzu akufuna kubwera. Malo alipo? Ndipo setifiketi mumapereka akamaliza? Akufuna yoti adzathe kulembedwa nayo ntchito ku Sandton.

Mayi a Tadala, Rosettenville:
Ayi amayi, si sukulu, ndikungofunsa nzeru za ana awiri amene ndili nawo kale. Koma za setifiketizo nanenso ndimaganiza zodzawasindikizira kapepala kokongola akamaliza.

Achimwene Yusufu, Mayfair:
Ndilankhuleko pamenepa, poti ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama a mashopu ang'onoang'ono, ndipo masaluni awiri ndi makasitomala anga. Kapepala mukhoza kulemba, koma kakhale kalata yonena zoona: wakuti waphunzira kwa ine kuyambira mwezi wakuti mpaka wakuti, amatha izi ndi izi. Musalembepo kuti setifiketi kapena dipuloma, ndipo musatchule malo anu kuti koleji. Kuno maphunziro ovomerezeka a zatsitsi amadutsa ku Services SETA ndi QCTO, wophunzitsa amayenera kukhala wovomerezedwa, ndipo pamapeto pake pamakhala mayeso a boma a ntchito zamanja. Zili ngati TEVETA kwathu. Mukalandira ndalama ya munthu mutamulonjeza setifiketi yomwe ilibe ntchito kulikonse, mlandu wake ndi wanu.

Tsono za malipiro. Anti Nachisale afika pa mfundo yomwe malamulo a kuno amafikanso, ngakhale iwo anafikapo ndi nzeru zawo. Munthu akamagwira ntchito yomwe ikupindulitsa bizinesi yanu, pa maola amene inu mwamuikira, lamulo limamuona ngati wantchito, kaya inu mukumutchula kuti wophunzira. Malipiro otsikitsitsa a dziko lino anakwera kufika R28.79 pa ola kuyambira pa 1 Malichi 2025, kuchoka pa R27.58 ya 2024, ndipo amawaunikanso chaka ndi chaka. Ndalama yocheperapo ya ophunzira ilipo, koma ndi ya okhawo amene ali pa mgwirizano wolembetsedwa ku SETA, osati wa pakamwa wa mu saluni. Komanso ntchito ya tsitsi ndi zokongoletsa ili ndi khonsolo yakeyake yokambirana za malipiro, HCSBC, ndipo Johannesburg ili m'dera lake. Iwo ali ndi mndandanda wawo wa malipiro malinga ndi ntchito ya munthu, mukautenge musanalembe pangano.

A Phiri, njira yanu ija ya chipisi masana, mwana atapita nayo ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a antchito, simungapambane.

Bambo Phiri wometa, Yeoville:
Achimwene, CCMA yake iti? Ana athu ambiri alibe ndi mapepala omwe, angapite kukadzionetsa okha kumeneko? Tiyeni tizikamba za moyo umene tikukhala. Ine sindikuti tizizunza ana, koma tikatsata zonsezo palibe amene aphunzitse munthu, ndipo anawo azingokhala m'nyumba.

Achimwene Yusufu, Mayfair:
Amapita ndithu, bambo. Khoti la zantchito linagamula kale mu 2008 kuti mlendo amene alibe pemiti yogwirira ntchito amatetezedwabe ngati wantchito, ndipo CCMA ikhoza kumva dandaulo lake. Ndiye mbali inayo, lamulo la zolowa ndi kutuluka limaletsa kulemba ntchito munthu wopanda chilolezo, ndipo amene amalangidwa ndi wolembayo. Choncho mwini saluni ali pakati pa miyala iwiri. Sindikunena izi kuti ndiopseze munthu. Mfundo yanu yoti ana asamangokhala ndaimva ndipo ndi yoona. Koma mayi a Tadala adziwe kuti atsikana awiriwa nkhani zawo n'zosiyana: wobadwira konkunoyo ngati ali ndi chitupa cha kuno njira yake ndi yoongoka, wa ku Dedzayo funso loyamba ndi la mapepala ake.

Mayi a Tadala, Rosettenville:
Mwandiopsa ndi masamuwo. Ndawerengera pano, maola 45 pa sabata pa R28.79 ya 2025 ija ikukwana R1,295.55, pa mwezi ndiye kupitirira R5,600 munthu mmodzi. Renti yanga ndi R6,500, magetsi osawerengera. Awiri sindingathe, ngakhale mmodzi yemwe.

Anti Nachisale, Randburg:
Musawerengere sabata yonse, amayi, palibe amene wakuuzani kuti mumulembe masiku onse. Gawo lachiwiri ine ndimamuitana Lachisanu ndi Loweruka basi, pamene pali anthu. Tiyeni tiwerengere Loweruka lanu lomwelo. Notilesi zofika m'chiuno kwa ine ndi R650, meshi yake mapaketi atatu R120, yotsala R530. Ndikakhala ndekha mutu umodzi umanditengera maola asanu ndi limodzi, ndiye pa tsiku ndimatha mitu iwiri, ndipo wachiwiriyo ndimamaliza usiku msana ukuwawa. Ndikakhala ndi mtsikana, ine ndimagawa tsitsi ndi kuyamba tsinde lililonse mpaka meshi yonse italowa, iye n'kumatsika nayo mpaka kunsonga. Amandikonzeratunso meshi, kuipatula tizigawo n'kuiyala pa choyalira kuti ndizingotola. Mutu umatha maola anayi, ndiye tsiku lomwelo ndimatha mitu itatu. Mutu wachitatuwo ndi R530 yomwe ikanatuluka pakhomo kupita kwa aneba. Mtsikanayo maola asanu ndi atatu pa R28.79 ndi R230.32. Mwaona kuti wadzilipira yekha ndipo mwatsala ndi pafupifupi R300 pamwamba.

Masiku awiri pa sabata ndi maola 16, R460.64, pa mwezi pafupifupi R2,000. Imeneyo mukhoza. Lolemba kapena Lachiwiri akafuna kubwera kudzayeserera sitayilo yatsopano pa chidole, abwere mwa kufuna kwake, koma tsiku limenelo musamupatse kasitomala kapena tsache, mukamupatsa mumulipire.

Chinthu chimodzi musamusiyire msanga pa gawo limeneli: kuviika nsonga m'madzi otentha. Zimaoneka zophweka koma ndi pamene anthu amapsa. Kasitomala akhale ataweramira kumbuyo, thaulo lokhuthala pamapewa, jagi isadzaze, ndipo thaulo lina louma likhale m'dzanja kuti mugwire nsongazo zikangotuluka m'madzi zisanakhudze msana. Ndimamuonetsa kakhumi asanagwire jagi yekha.

Achimwene Yusufu, Mayfair:
Masamu a anti ali bwino. Ndingoonjezera ziwiri. Munthu akamagwira maola opitirira 24 pa mwezi ayenera kulembetsedwa ku UIF, thumba la boma lothandiza munthu ntchito ikamuthera, inu mumaika 1 peresenti, iyenso 1 peresenti, ndiye pa R2,000 ndi R20 mbali iliyonse. Chachiwiri, mukamuitana tsiku lina n'kupezeka kuti kulibe anthu, mwamubweza patatha maola awiri, lamulo limati mumulipire maola anayi.

Esnart, Hillbrow:
Ine zolipira pa ola sindigwirizana nazo. Mtsikana wolipidwa pa ola amagwira ntchito ngati akudikira basi, foni ili m'manja. Kwanga ndi komishoni kuyambira tsiku loyamba, 30 peresenti kwa wophunzira, 50 kwa wodziwa. Aliyense amathamanga yekha.

Anti Nachisale, Randburg:
Asisi Esnart, kuthamangako n'kumene ndimakuopa pa munthu wophunzira. Ukamuika pa komishoni manja asanakhazikike, amaphunzira liwiro asanaphunzire ukhondo wa ntchito. Amayamba kunenepetsa timabokosi ta pakati pa mutu pomwe kasitomala saona, kuti amalize msanga. Komishoni ndimaiyamba pa gawo lachitatu, akayamba kutenga mutu yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Timayamba ndi mizere ya ana asukulu ndi mizere ya pansi pa wigi, kenako wani-wani, notilesi pamapeto. Mwezi woyamba kasitomala ndimamuuza poyera kuti akulukani ndi wophunzira, mtengo ndachotsako R100, ndipo ine ndiyendera mzere woyamba ndi womaliza. Ambiri amavomera, ena amakana, ndipo wokana sindimukakamiza. Ndimayamba ndi 35 peresenti ya ndalama yotsala tikachotsa meshi, kufika 50 pakatha miyezi itatu popanda mutu wobwezedwa. Koma sabata ikakhala yoipa, komishoni yake n'kuchepera ndalama ya maola amene wakhala pa saluni, ndimaonjezera kuti ifike.

Esnart, Hillbrow:
Kuonjezerako ndiye ayi. Ine ndikapanda kupeza, nayenso asapeze, tonse tili m'bwato limodzi. Nanga Januwale anthu alibe ndalama, ndizichotsa ya renti?

Achimwene Yusufu, Mayfair:
Asisi, ngati ndi wantchito wanu, komishoni siyichotsa malire a pa ola aja. Njira yake mu Januwale ndi kugwirizana zochepetsa masiku, osati kumusunga tsiku lonse n'kupita kwawo chimanjamanja.

Chisomo, Turffontein:
Anti, nanga mankhwala? Ine mpaka pano rilakisa ndimaiopa, kumene ndinaphunzira kuja anangondipatsa botolo tsiku lina kuti paka.

Anti Nachisale, Randburg:
Uziiopa ndithu, ndi bwino. Mankhwala kwa ine ndi gawo lomaliza, ndipo sindilola wophunzira kuwagwira ndisanakhale naye miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale aziluka ngati makina. Ndinaphunzira ndi misozi. Chaka china ndinatuluka kupita kubanki, ndinasiya mtsikana amene ndinkamukhulupirira kwambiri. Kunabwera mayi wina atangomasula kumene meshi m'mawa womwewo, mutu wakandakanda, akufuna ritachi poti mawa lake kunali ukwati. Mwanayo sanafune kubweza ndalama. Anapaka, osayamba wateteza khungu ndi vaselini, ndipo anapaka tsitsi lonse mpaka kunsonga m'malo mwa lomera kumene lokha. Mayiyo atati kukuwotcha, iye anati pirirani pang'ono kuti ligwire. Ndinapeza akutsuka, koma mochedwa. M'mawa mwake khungu linali litatuluka madzi, tsitsi litamatirira pa zilonda, ndipo patatha sabata linayamba kuduka pamalire pa lakale ndi latsopano. Ndinalipira kuchipatala, ndinamugulira wigi, ndipo mayiyo ndi anzake atatu sindinawaonenso. Mtsikanayo sindinamudule ndalama, chifukwa wolakwa ndinali ine amene ndinasiya botolo pofikira munthu ndisanamuphunzitse kukana.

Ndiye pano chinthu choyamba chimene ndimaphunzitsa pa mankhwala ndi mafunso. Mwamasula liti? Mwatsuka liti? Munapaka liti komaliza, ndipo munadaya? Amene wamasula kumene adikire sabata imodzi kapena iwiri. Ritachi isachitike pasanathe masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu, kuti pakhale tsitsi latsopano lokwanira kuliona. Kenako kuyang'ana khungu mzere ndi mzere, pakakhala kachilonda palibe kupaka. Magolovesi, vaselini m'mphepete monse ndi pa makutu, kugawa mutu panayi, ndipo wotchi iyambe pamene mankhwala akhudza tsitsi koyamba, osati mukamaliza kupaka. Nthawi yake ndi yomwe yalembedwa pa botolo malinga ndi mtundu wa tsitsi, osaonjezera. Kasitomala akati kukuwotcha, ku sinki pomwepo. Potsuka, madzi ambiri kaye, kenako shampu yoziziritsa mphamvu ya mankhwala. Ndimagula ija imene thovu lake limasanduka pinki ngati mankhwala akadalimo, chifukwa wophunzira amaona ndi maso, amatsuka mpaka thovu liyere. Dayi nayenso timayesa kadontho kuseri kwa khutu maola 48 tisanapake. Mitu khumi yoyamba ndimaima pambali pake, foni yanga ili m'thumba.

Bambo Phiri wometa, Yeoville:
Apa ndiye ndagonja, zathu zometa sizifika pamenepo. Koma funso langa ndi ili, ndipo palibe amene walikhudza. Mwamuphunzitsa zonsezi, chaka chatha, wadziwa. Mawa watsegula pake mumsewu womwewo, makasitomala anu manambala ali nawo mu foni. Ine anyamata awiri anandichita zimenezi. Mnzanga wina amasunga pasipoti ya mwana mpaka atagwira chaka, ndipo akuti zimathandiza.

Achimwene Yusufu, Mayfair:
Za pasipotizo muuzeni mnzanuyo asiye lero. Kusunga chiphaso cha munthu kuti asachoke pa ntchito kumalowa m'milandu yozembetsa ndi kugwiritsa anthu ntchito mokakamiza, si nkhani ya CCMA ayi, ndi ya apolisi.

Chisomo, Turffontein:
A Phiri, ine kumene ndili pano ndatha zaka zinayi, ndipo palibe chimene anandisungira. Amandilipira Loweruka lililonse madzulo popanda kuchita kupempha, ndipo buku la mitu ndimalemba ndekha, iwo n'kusayina. Ndikadzachoka ndidzatsanzika bwinobwino. Koma kudzachoka ndidzachoka ndithu, nanenso ndimafuna panga.

Anti Nachisale, Randburg:
Pa khumi aja amene ndinaphunzitsa, amene ndili nawo ndi awiri. Mmodzi anapita ndi makasitomala anga asanu ndi mmodzi, zinandiwawa miyezi ingapo, sindinama. Mankhwala ake enieni ndilibe. Chimene ndimachita n'choti mabuking'i onse amadutsa pa nambala ya saluni, ndipo pa pepala lathu timalemba kuti wofuna kuchoka anene mwezi umodzi usanafike, makamaka asandithawe mu Disembala. N'chifukwa chakenso ndimafuna gawo lililonse lizidzilipira lokha: fizi yalipira gawo loyamba, mutu wachitatu wa Loweruka walipira lachiwiri. Akachoka sindikhala ndi mtima woti wandibera chaka changa.

Esnart, Hillbrow:
Ine ndimasungako R200 mwezi uliwonse pa ndalama yake, ndimamupatsa yonse akakwanitsa chaka. Akathawa yapita.

Achimwene Yusufu, Mayfair:
Ikakhala bonasi yochokera m'thumba mwanu, palibe vuto. Ikakhala yodula pa malipiro ake, ndi yake ndithu, akachoka mumupatse.

Esnart, Hillbrow:
Tidzakambirana pambali achimwene, ine sindikuonapo cholakwika poti amavomera yekha.

Mayi a Tadala, Rosettenville:
Zikomo nonse, ndalemba zambiri m'kope. Wakutchalitchi uja ndasintha, ndimuuza mayi ake Lamulungu kuti ndi R1,800 katatu, masabata asanu ndi atatu, ndi mayeso aja a mizere ndi wani-wani. R4,500 ija ndaisiya. Koma mutu ukundiwawabe ndi wa achemwali. Amadya kwanga, amagona kwanga, basi yochokera ku Lilongwe mpaka ku Park Station ndinalipira ndine. Nayenso ndizimupatsa R230 pa tsiku ngati mlendo? Kwathu akamva adzati ndamusandutsa waganyu, ndipo ndikapanda kumupatsa adzati ndikumudyera masuku pamutu.

Achimwene Yusufu, Mayfair:
Kumbali ya lamulo, chakudya ndi malo ogona siziwerengedwa pa malipiro otsikitsitsa aja, ngakhale ndalama ya basi kapena tipi ya kasitomala. Koma monga ndanena, yambani ndi mapepala ake.

Bambo Phiri wometa, Yeoville:
Mwana wa m'nyumba ndi wa m'nyumba. Muzimugulira zofunika, muzitumizako kangachepe kwa mayi ake ku Dedza, nkhani yatha.

Chisomo, Turffontein:
Ayi bambo, ndalama ipite m'manja mwake. Wa zaka 20 si mwana. Akamaona mnzake amene anayamba naye tsiku limodzi akulandira Loweruka, iye n'kumauzidwa kuti zako tatumiza kumudzi, mwezi wachitatu safika. Ngati n'kusonkha ya chakudya kunyumba, asonkhe yekha kuchokera m'manja mwake, mutagwirizana kuti ndi zingati.

Anti Nachisale, Randburg:
Ine wachibale ndinaphunzitsapo mmodzi yekha ndipo sizinathe bwino, ndiye pamenepa sindidzitama. Chimene ndikanachita mosiyana ndi kuimbira mayi ake mwanayo ali pomwepo, onse amve mawu amodzi: fizi ndakukhululukira, ya basi ndi mphatso kapena ndi ngongole, nenani chimodzi, ndipo mu saluni ndiwe wophunzira ngati mnzakoyo, mayeso ndi omwewo. Wanga uja ankati akalakwitsa ndikamudzudzula, madzulo nkhani yafika kale kumudzi.

Mayi a Tadala, Rosettenville:
Ya basi ndi mphatso, imeneyo sindingaitchulenso. Achemwali ndiwaimbira mawa madzulo akaweruka kumunda, mwanayo ali pompo. Za kusonkha ya chakudya ndiyamba ndakambirana ndi bambo a Tadala, chifukwa ndikudziwa kuti akana kulandira ndalama ya mwana. Achimwene Yusufu, ndikutumizirani chithunzi cha tsamba la pasipoti yake kumbali kuti mundionere chidindo chija. Anti, pepala lanu la mayeso lija mungandijambulireko? Ndipo zidolezo ku Dragon City munagula za tsitsi lotani, poti zina ndinaziona n'zoterera kwambiri moti mzere sugwira.

Anti Nachisale, Randburg:
Zoterera zija musagule, mwana amazolowera kukoka kuti zigwire, kenako amakakoka mutu wa munthu. Funsani za tsitsi lokhakhala ngati lathuli, n'zokwererako mtengo pang'ono. Pepala ndijambula ndikatseka, pano ndili ndi mutu pampando.